Malipiro anga sakutuluka: ndiwalembere bwanji abwana mwaulemu koma mosagonja?

"Bambo, ndimagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yaing'ono, ndipo chino ndi chaka chachitatu. Malipiro a Malichi ndinalandira operewera, a Epulo sindinalandire n'komwe, ndiye palinso ovataimu ya Febuluwale. Ndikafunsa amangoti 'tikonza'. Ndinawalembera uthenga wowachonderera koma sanayankhe. Usiku wathawu ndalemba wina mtima utapsa, koma ndikuopa kuutumiza chifukwa ntchitoyi ndikuifunabe. Ndilembe bwanji kuti andimvere popanda kuoneka wamwano?" Mayi wina wowerenga

Mayi, mwachita bwino kuugwira mtima osautumiza uthengawo. Ndipo musadzione ngati wolakwa chifukwa chofuna kulemba. Malipiro ndi ndalama yomwe munaigwirira kale ntchito, thukuta lake linatuluka kale, choncho kuifunsa si mwano. Ngakhale bungwe la dziko lonse lapansi loona za ntchito, la ILO, mu pangano lake nambala 95 la chaka cha 1949 linanena kuti malipiro aziperekedwa mu nthawi yake mosadumphadumpha, komanso kuti asamadulidwe mwachisawawa. Mayiko ambiri ali ndi malamulo awo onena zomwezi. Mukulemba muli poyera.

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuwerenga makalata a madandaulo a antchito, ena ndili mbali ya ofesi yolandira, ena ndikuthandiza olembawo, ndaona kuti anthu ambiri amasokonezeka pa chinthu chimodzi. Amaganiza kuti ukawonjezera ulemu ndiye kuti wafooka, ndipo ukafuna kulimba uyenera kuchotsako ulemu. Sizili choncho. Zinthu ziwirizi zimakhala pa malo osiyana m'kalata. Kulimba kumakhala mu manambala: ndalama zingati, za mwezi uti, zilipiridwe pofika tsiku liti. Ulemu umakhala mu moni, mu kutchula munthu ndi udindo wake, ndi mu kusamuweruza mumtima mwake. Kalata ikhoza kukhala yofatsa kuyambira pamwamba mpaka pansi koma osasiya mpata ndi pang'ono pomwe woti munthu azembere.

Tiyambe ndi uthenga wochonderera uja. Sindinauone, koma ndikhoza kuganiza mawu omwe analimo, chifukwa ndi omwe amatibwerera tonse pakamwa tikamalankhula ndi wamkulu. "Pepani kukuvutitsani." "Ndimati ndingofunsako." "Mundithandizeko." "Mundiganizireko ndi kangachepe." "Ngati n'kotheka." Mawu amenewa ndi abwino pamalo pake, koma taonani chomwe akuchita pa nkhani ya malipiro. Mawu oti "mundithandize" amasandutsa ngongole kukhala chifundo, ndipo chifundo munthu amachita akafuna. Kachidutswa kakang'ono kaja koti "ko" n'koopsa kwambiri: mukati "mundipatseko", mwanena nokha kuti gawo lina lokha likukwanirani. Abwana akakupatsani kotala ya ndalamayo ndiye kuti achita zomwe munapempha. "Ngati n'kotheka" ali ndi yankho lake lokonzeka kale, loti panopa sizikutheka. Ndipo "pepani kukuvutitsani" amakuikani inu kumbali ya wolakwa, pamene wochedwetsa malipiro si inu. Uthenga wotere suyankhidwa chifukwa mulibe funso lomwe likukakamiza yankho. Wouwerenga amamva chisoni kwa mphindi imodzi, n'kuika foni m'thumba.

Pomwepa ndinenenso za mavuto a pakhomo. Ambiri amadzaza kalata ndi nkhani ya lendi, fizi ya ana, odwala. Ndimawamvetsa, chifukwa n'zomwe zikuwasowetsa tulo. Koma maziko a kalata yanu asakhale amenewo. Mukaika vuto lanu patsogolo, nkhani imasanduka yoyerekeza mavuto: inu muli ndi lendi, iwo akuti makasitomala sanalipire, ndiye wovutika kwambiri ndani? Ndalamayo ndi yanu ngakhale mukanakhala kuti mulibe vuto lililonse. Chiganizo chimodzi chonena kuti kuchedwaku kwakusokonezani n'chokwanira, ndipo chikhale chakumapeto.

Tsopano uthenga wa usiku wathawu. Ndikukhulupirira muli mawu monga "mukundibera", "mwadala", "nthawi zonse mumatero", mwina ndi "muona". Mwina ena mwa mawuwa ndi oona. Vuto lake ndi loti amapatsa abwana nkhani ina yoti akambe m'malo mwa ndalama. Ndikukumbukira dalaivala wina yemwe anali ndi dandaulo lomveka bwino kwambiri, maulendo onse olembedwa m'buku la galimoto, masiku ndi makilomita omwe. M'ndime yomaliza ya kalata yake anaikamo mawu amodzi oti "mbava". Pa msonkhano womwe unaitanidwa, manejala anaika kalatayo patebulo, chala chili pa mawu amodziwo, ndipo pafupifupi ola lonse linathera pa funso loti kodi wantchito angatchule bwana wake choncho. Mnyamatayo anatuluka ndi kalata ya chenjezo, ndipo nkhani ya ndalama inasunthidwa kupita mwezi wina. Ndalamazo anadzalandira ndithu, koma mochedwa, ndiponso atapepesa kaye. Zinandipweteka mtima chifukwa pepala lake loyamba linali lokwanira palokha.

Pali kusiyana pakati pa zomwe mukudziwa ndi zomwe mukuganiza. Mukudziwa kuti malipiro a Epulo sanalowe. Sitetimenti ya ku banki ikuchitira umboni. Zoti anachita dala simungazitsimikize pa pepala, ngakhale mtima wanu ukutero. Lembani zomwe mungathe kuloza ndi chala. Chilichonse chokhudza cholinga cha munthu, khalidwe lake, kapena galimoto yatsopano yomwe wagula antchito asanalipidwe, chisiyeni kunja.

Njira yomwe imandithandiza kupeza kamvekedwe koyenera ndi kukumbukira kuti kalatayi ili ndi owerenga awiri. Woyamba ndi abwana anu, omwe mukumana nawo mawa m'mawa pa ntchito. Wachiwiri ndi munthu yemwe sakukudziwani nonse awiri, yemwe mwina adzaiwerenga miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi: wa ku ofesi ya boma yoona za ntchito, mtsogoleri wa bungwe la antchito, loya, kapena woweruza. Woyambayo asapeze mawu oti akhumudwe nawo. Wachiwiriyo apeze zonse zomwe akufuna popanda kukufunsani funso: ndinu ndani, munagwirizana zotani, chaperewera n'chiyani, munafunsa liti. Mukalembera onse awiri pa nthawi imodzi, mawu okalipa amagwa okha, ndipo mawu ochonderera nawonso amagwa okha.

Musanalembe chiganizo choyamba, khalani pansi ndi mapepala: kontilakiti kapena kalata yokulembani ntchito, timapepala ta malipiro ta miyezi yomwe zinthu zinkayenda bwino, sitetimenti ya ku banki kapena mauthenga osonyeza ndalama zomwe zinalowa, ndi buku losainira maola ngati lilipo. Cholinga ndi kutulutsa nambala imodzi yomwe simungagwedezeke nayo. Simunanene kuchuluka kwa malipiro anu, ndiye ndingoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake. Tinene kuti mumalandira 200,000 pa mwezi. Mu Malichi munalandira 120,000, ndiye kuti panatsala 80,000. Epulo yense ndi 200,000. Ziwirizi pamodzi ndi 280,000. Pa ovataimu, tinene kuti munagwira masiku atatu a maola 8, omwe ndi maola 24, ndipo kontilakiti yanu imati ola wamba ndi 1,250 pamene ola la ovataimu limalipidwa kamodzi ndi theka. Ola limodzi likhala 1,875, ndipo maola 24 akhala 45,000. Zonse pamodzi ndi 325,000.

Samalani pa zinthu ziwiri powerengapo. Choyamba, musasakanize malipiro msonkho usanachotsedwe ndi ndalama yomwe imafika m'manja. Kontilakiti nthawi zambiri imatchula nambala yoyambayo, pamene sitetimenti ya ku banki imaonetsa yachiwiriyo. Mukachotsa ina pa inzake mupeza nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo akauntanti akangoona cholakwika chimodzi amayamba kukayikira kalata yonse. Sankhani mtundu umodzi ndipo nenani m'kalatamo kuti mwagwiritsa ntchito uti. Ngati munatengapo adivansi, ichotseni nokha ndipo muilembe. Kuulula nokha kumakupatsani mphamvu kuposa kudikira kuti akukumbutseni. Chachiwiri, ikani ovataimu payokha. Malipiro a mwezi savuta kutsimikiza, koma ovataimu ndi pomwe mikangano imayambira: anakulamulani ndani, munasaina pati, maola anali angati. Mukaziphatikiza mu nambala imodzi yokha, mkangano wa 45,000 ukhoza kumangirira 280,000 yomwe palibe amene akuitsutsa.

Kalatayo ingaoneke chonchi, mutaika pamwamba dzina lanu, udindo wanu, ndi tsiku, tinene 3 Juni:

"Okondedwa Bwana Manejala,

Malipiro otsala a Malichi ndi Epulo, ndi ovataimu ya Febuluwale

Ndikulemba kalatayi potsatira zomwe tinakambirana pa 5 Meyi ndi pa 20 Meyi zokhudza malipiro anga omwe sanaperekedwe.

Malinga ndi kontilakiti yanga, malipiro anga ndi 200,000 pa mwezi, ndipo manambala onse m'kalatayi ndi a ndalama yofika m'manja, msonkho utachotsedwa. Pa malipiro a Malichi ndinalandira 120,000, ndipo patsala 80,000. Malipiro a Epulo, 200,000, sanalowe. Ziwirizi pamodzi ndi 280,000. Kuwonjezera apo, pa 7, 14 ndi 21 Febuluwale ndinagwira ovataimu ya maola 8 pa tsiku, monga momwe buku losainira likusonyezera. Maola 24 amenewa, pa mlingo wa 1,875 pa ola, ndi 45,000. Ndalama zonse zotsala ndi 325,000. Ndaphatikiza makope a kontilakiti ndi sitetimenti ya ku banki.

Ndikupempha kuti ndalamazi zilipiridwe pofika pa 17 Juni. Ngati kaundula wa ku ofesi akusonyeza manambala osiyana ndi awa, chonde mundionetse kuti tiwerengere limodzi. Ngati kampani singathe kulipira zonse pa tsiku limeneli, ndikupempha yankho lolembedwa lisanafike tsikulo, lotchula masiku ndi ndalama zomwe zidzaperekedwe pa tsiku lililonse.

Kuchedwaku kwandisokoneza kwambiri pa zofunika za pakhomo. Ntchito yanga ndimaikonda ndipo ndikufuna nkhaniyi ithe bwino pakati pathu.

Ine wanu,"

Tiione pafupi. Mawu oti "ndikupempha" alimo kawiri, ndipo "chonde" alimo kamodzi. Palibe cholakwika ndi mawu amenewa. Chofunika ndi chomwe chikubwera pambuyo pake. "Ndikupempha kuti mundiganizire" alibe polowera kapena potulukira. "Ndikupempha kuti ndalamazi zilipiridwe pofika pa 17 Juni" ali ndi ndalama komanso tsiku. Mneni ndi yemweyo, koma chiganizo chachiwirichi munthu sangachiyankhe ndi "tikonza".

Onaninso kuti ndalemba "malipiro sanalowe" osati "simunandilipire". Mfundo ndi imodzimodzi, koma kalembedwe koyambako sikaloza munthu chala kumaso. Izi n'zothandiza chifukwa nthawi zina wolandira kalata si amene anagwira ndalamayo. Mwina vuto lili kwa owerengera ndalama, mwina kwa mwini kampani, ndipo manejala mukumulemberayo akhoza kukhala munthu amene angakumenyereni nkhondo ngati simunamukankhire pakona. Pa chifukwa chomwechi, mzere woti "ngati kaundula akusonyeza manambala osiyana" musauchotse poganiza kuti ndi kufooka. Ukupatsa abwana njira yokonzera zinthu popanda kuchita manyazi, komanso ukuwaumiriza mwakachetechete kuti ngati akutsutsa atsutse ndi mapepala. Akapanda kutsutsa, woweruza wa m'tsogolo uja adzaona kuti anapatsidwa mpata ndipo sananene kanthu.

Tsiku lomaliza likhale deti lenileni. "Posachedwa", "mwamsanga", "kumapeto kwa mwezi" ndi mawu omwe aliyense amawamasulira momwe akufunira. Ine ndimakonda masiku 14 pa kalata yoyamba kwa munthu amene akadali pa ntchito. Masiku awiri kapena atatu amaoneka ngati chiopsezo, ndipo kampani yomwe ilidi ndi vuto la ndalama singakwanitse, ndiye mwangodzipangira tsiku loti liphwanyidwe. Mwezi wathunthu ndi wautali; nkhani imazizira. Ngati tsiku lolandirira malipiro lili pafupi, mukhoza kumangirira pempho lanu pa tsiku limenelo, popeza ndi pomwe owerengera ndalama amakhala atatsegula kale mabuku.

Mwina mwaona kuti kalata yoyambayi sikutchula loya, khoti, kapena ofesi ya boma. Ndachita dala. Inu mukufuna ndalama zanu komanso ntchito yanu, ndipo aka n'koyamba kuika nkhaniyi pa pepala mwadongosolo. Kalata yokhala ndi madeti ndi makope imalankhula yokha. Manejala aliyense wodziwa ntchito amazindikira kuti pepala lotere likhoza kupita patali. Mukatulutsa zida zonse pa kalata yoyamba, yachiwiri mudzalembamo chiyani?

Za katumizidwe, chofunika ndi umboni woti inafika. Ngati ndi ya pa pepala, pangani makope awiri, ndipo wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope lanu, kapena adindepo chidindo cha ofesi. Akakana kusaina musakangane naye. Lembani nokha pa kope lanu tsiku, nthawi, ndi amene mwamupatsa, kenako tumizaninso kalata yomweyo pa imelo kapena ngati chithunzi pa foni. Gwiritsani ntchito imelo yanuyanu, kapena dzitumizireni kope, chifukwa ya kuntchito ikhoza kutsekedwa tsiku lililonse. Musaiponye pa gulu la antchito onse la pa foni. Bwana akachititsidwa manyazi pagulu amayamba kuteteza ulemu wake, ndipo ndalama yanu imakhala yomaliza m'maganizo mwake. Ndimalangizanso kuti ngati mumalankhulana bwino, muwadziwitse pakamwa kaye: "Bwana, nkhani ya malipiro ija ndailemba kuti manambala asatisokoneze." Kalata yomwe munthu wauzidwiratu siimugwera ngati mwala.

Mukatumiza, pali zinthu zingapo zomwe zimachitika kawirikawiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya zomwe anapeza ndi kalata yabwino.

Nthawi zambiri amakuitanani mu ofesi n'kukulonjezani pakamwa. Landirani lonjezolo mwaulemu, koma tsiku lomwelo tumizani uthenga waufupi: "Zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Monga mwanenera, ndilandira 140,000 pa 17 Juni ndipo 185,000 yotsalayo pa 30 Juni. Ngati ndamva molakwa chonde mundikonze." Uthengawu ndi wothokoza, koma wasandutsa mawu a m'mphepo kukhala cholembedwa. Akayankha kuti "inde", muli ndi chivomerezo choti ngongoleyo ilipo, ndipo chivomerezo chotere ndi umboni wolemera kwambiri nkhani ikadzapita patali. Akapanda kuyankha, uthengawo ukadali umboni wa zomwe zinakambidwa tsiku limenelo.

Mwina adzakwiya: "Mwayamba kutilembera makalata ngati ndife adani? Zaka zonsezi takhala ngati banja." Mawu amenewa amafooketsa anthu ambiri, makamaka pa kampani yaing'ono pomwe bwana anakuthandizanipo pa maliro kapena pa matenda. Musapepese chifukwa cholemba, ndipo musabweze moto. Mukhoza kungoti, "Bwana, sindinalembe mwaudani. Ndalemba kuti tonse tikhale ndi manambala amodzi." Akabwereza, inunso bwerezani zomwezo ndi mawu ofatsa omwewo. Zabwino zomwe anakuchitirani mukhoza kuzithokoza ndi mtima wonse, koma musalole kuti zilowe mu masamu a malipiro pokhapokha ngati inali ngongole yomwe munagwirizana kuti idzadulidwa.

Mwina adzakupatsani gawo la ndalamayo. Landirani, kukana ndalama yomwe ndi yanu sikuwonjezera mphamvu ku dandaulo lanu. Koma werengani bwino pepala lililonse lomwe akupatsani kuti musaine. Ngati lili ndi mawu osonyeza kuti malipiro amenewa ndi omaliza, kapena kuti simudzafunsanso kanthu, musasaine pomwepo. Pemphani kuti mupite nalo mukaliwerenge modekha. Pa risiti wamba, lembani ndi dzanja lanu pamwamba pa siginecha: "Ndalandira 140,000 ngati gawo la 325,000. Patsala 185,000." Ndaonapo anthu akusaina mothamanga chifukwa chosangalala kuti ndalama yaoneka, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti anasainira kutaya yotsalayo.

Ndipo mwina adzangokhala chete. Tsiku la 17 Juni likadutsa, musadikire mwezi wina. Pa 18 kapena 19 lembani kalata yachiwiri, yaifupi kuposa yoyamba. Kamvekedwe kake kasinthe pang'ono, osati pokweza mawu koma pochotsa zofewetsa:

"Pa 3 Juni ndinakulemberani za malipiro anga otsala, 325,000, ndipo ndinapempha kuti alipiridwe kapena ndiyankhidwe pofika pa 17 Juni. Mpaka lero sindinalandire ndalamazo kapena yankho. Ndikupempha kuti zilipiridwe pofika pa 26 Juni. Zikapanda kutero, ndidzapita ndi nkhaniyi ku ofesi yoona za ntchito kuti atithandize. Ndikanakonda tikanaithetsa tokha tisanafike pamenepo."

Pano mwatchula chomwe mudzachite, ndipo pali lamulo limodzi lomwe ndimaumirira: musalembe chinthu chomwe simudzachita. Mukanena kuti mupita ku ofesi yoona za ntchito pa 26 Juni koma n'kukhala osapita, kalata yachitatu idzawerengedwa ngati phokoso chabe. Ndipo tchulani njira zovomerezeka zokha. Kunena kuti mupita kukadandaula kwa oyenera ndi ufulu wanu. Kunena kuti muulula zinsinsi za kampani, muwayalutsa pa masamba a mchezo, kapena muuza makasitomala, ndi chiopsezo, ndipo chikhoza kukutembenukirani n'kukhala mlandu wanu. Kusiyana kwake kumamveka ngakhale m'chiganizo: choyamba chikunena komwe nkhani ipite, chachiwiri chikunena momwe mumupwetekere munthu.

Popeza ndinu wosunga katundu, ndikuchenjezeni mwapadera. Makiyi a nyumba yosungira katundu ali m'manja mwanu, ndipo padzakhala tsiku lomwe maganizo adzabwera oti "ndigwire katundu wa mtengo wofanana ndi ndalama zanga" kapena "sindipereka makiyi mpaka andilipire". Musatero, ndipo musalembe n'komwe mawu ofanana ndi amenewa. Nthawi yomweyo nkhani imachoka pa malipiro n'kukhala ya kuba kapena kusamvera, ndipo inu amene munali wodandaula mumasanduka woyankha mlandu. M'masabata amenewa mabuku anu a katundu akhale oyera kuposa kale, chilichonse cholowa ndi chotuluka chisainidwe, chifukwa bwana wofuna chifukwa chokuchotserani amayambira kufufuza pamenepo. Chimodzimodzi kusiya kubwera ku ntchito: malamulo amasiyana malinga ndi dziko, ndipo kujomba popanda uphungu kukhoza kutengedwa ngati mwathawa ntchito nokha. Funsani kaye kwa odziwa malamulo a ntchito a kwanuko musanachite zimenezo.

Nanga mupite liti kukafuna thandizo? Kalata yachiwiri ikapanda kuyankhidwa, nthawi yakwana. Koma pali zizindikiro zina zomwe siziyenera kudikira kalata yachiwiri. Ngati mutangolemba mwalandira chenjezo pa nkhani yomwe sinakhalepo vuto, mwasinthidwa ntchito mwadzidzidzi, kapena mwauzidwa kuti mulembe kalata yosiya ntchito, pitani msanga ku bungwe la antchito ngati muli membala, ku ofesi ya boma yoona za ntchito, kapena kwa loya. Kalata yosiya ntchito musalembe chifukwa chokakamizidwa, popeza ikhoza kukutayitsani zina zomwe mukanalandira. Ngati mukuona katundu wa kampani akugulitsidwa, ogulitsa zinthu akubwera kudzalonjerera ngongole tsiku ndi tsiku, ndipo anzanu nawonso sakulipidwa, ndiye kuti kampani mwina ikugwa, ndipo pamenepo ofika mochedwa ndi amene amapeza mbale zatsukidwa. Kumbukiraninso kuti madandaulo a malipiro amakhala ndi malire a nthawi yowaperekera. "Tikonza" wa mwezi ndi mwezi akhoza kudya nthawi imeneyo inu musakudziwa, choncho funsani malirewo msanga, ngakhale pamene mukukambiranabe mwamtendere.

Ngati anzanu ali ndi vuto lomwelo, kalata imodzi yosainidwa ndi onse imateteza aliyense kuti asaonedwe ngati woyambitsa chisokonezo. Koma aliyense akhale ndi mzere wake wa manambala, ndipo kalata yanu ya inu nokha isungidwebe, chifukwa anthu ena amabwerera m'mbuyo akangopatsidwa pang'ono.

Uthenga wa usiku wathawu musaufufute msanga. Utseguleni mawa m'mawa mutapuma, mutenge pensulo, ndipo mutolemo madeti, miyezi, ndi mawu enieni omwe abwana ananena pa masiku omwe munawafunsa. Munthu akapsa mtima amakumbukira zinthu mwatsatanetsatane, ndipo zimenezo n'zomwe zikufunika mu ndime yoyamba ya kalata yanu. Mukamaliza kulemba yatsopanoyo, iwerengeni mokweza ngati kuti abwana akhala patsogolo panu. Pomwe mawu anu akutsika ngati mukupepesa, ikanipo nambala kapena deti. Pomwe akukwera, chotsani chiganizocho muone ngati kalatayo yataya mfundo iliyonse. Kenako mupatse munthu mmodzi yemwe sadziwa nkhaniyi aiwerenge, mumufunse kuti ndalama ndi zingati ndipo zikufunika liti. Akayankha molondola osayang'ananso pa pepala, pangani makope awiri mukapereke.